Kankhani ka ziganizo zisanu ndi ziwiri kophunzitsa nthawi ziwiri za Chingerezi

Amene amachonga chimangirizo cha Chingerezi cha ana a sekondale amalidziwa bwino vutoli. Mwana akauzidwa kuti alembe zomwe zinachitika kale, amamwaza kaliwu kakuti *had* m'chiganizo chilichonse, poganiza kuti kamasonyeza kuti nkhaniyo ndi yakalekale. Wina amakaopa moti sakalemba ngakhale kamodzi, ndipo wowerenga amasokonezeka kuti chinayamba n'chiti. Pofuna kuthana ndi zimenezi, aphunzitsi a Chingerezi m'mayiko ambiri amalemba kankhani kafupi kachitsanzo, komwe aneni ake onse ali m'nthawi ziwiri zokha: nthawi yakale wamba, ija ana amati pasiti simpo, ndi nthawi ya chinthu chomwe chinali chitachitika kale, ija amati pasiti pafekiti.

Kankhani kotere kangathe kukhala kafupi chonchi:

*She woke up at six. She looked for the bicycle, but her brother had taken it. She ran to school. When she arrived, the exam had started. She opened her bag and found no pen. She had left it on the table. A friend lent her one.*

M'Chichewa tingati: mtsikana anadzuka 6 koloko, nafunafuna njinga, koma mlongo wake anali ataitenga. Anathamangira kusukulu, ndipo pomwe amafika mayeso anali atayamba. Anatsegula chikwama, cholembera osachipeza, pakuti anali atachisiya patebulo. Mnzake anamubwereka china.

Aneni m'kankhani ka Chingereziko alipo khumi. Asanu ndi awiri ali m'nthawi yakale wamba, ndipo ndi iwo akuyendetsa nkhani: kudzuka, kufunafuna, kuthamanga, kufika, kutsegula, kusapeza, kubwereka. Chilichonse chikutsatira chinzake monga momwe zinachitikira. Atatu otsalawo, omwe ali ndi *had*, sakupititsa nkhani patsogolo ngakhale pang'ono. Akumubweza wowerenga m'mbuyo kuti aone chomwe chinachitika mtsikanayo asanafike pomwe wafikapo. Njinga inatengedwa iye asanayambe kuifuna, mwina akadali m'tulo. Cholembera chinatsala kunyumba iye asanatsegule chikwama m'kalasi.

Apa ndiye pagona nkhani yonse. Nthawi yachiwiriyi siyesa kutalika kwa zaka. Chinthu cha mu 1964 chimalembedwa m'nthawi yakale wamba ngati palibe china chomwe chikuyerekezedwa nacho, pomwe mayeso omwe anayamba mphindi zisanu zokha mtsikana asanalowe amafuna *had*. Katswiri wa ku Jeremani wa maphunziro a kaganizidwe, Hans Reichenbach, anazifotokoza bwino mu 1947. Iye anati poona nthawi ya mneni tiyang'ane zinthu zitatu: nthawi yomwe munthu akuyankhula, nthawi yomwe chinthu chinachitika, ndi nthawi yomwe nkhani yaima. Mu pasiti simpo, chochitikacho chili pomwe nkhani yaima. Mu pasiti pafekiti, chili kumbuyo kwake. N'chifukwa chake chiganizo chimodzi chapachokha sichiphunzitsa bwino nthawi imeneyi, poti mulibe poimapo. Pamafunika nkhani.

Chiganizo chachinayi ndiye chofunika kuchedwapo m'kalasi. Mphunzitsi alembe pabolodi ziganizo ziwiri izi:

*When she arrived, the exam had started.*

*When she arrived, the exam started.*

Kusiyana kwake ndi kaliwu kamodzi, koma tsiku la mtsikanayo lasintha lonse. M'choyamba wachedwa, wapeza anzake atawerama kale pamapepala. M'chachiwiri wafika bwino, ndipo mayeso ayamba iye atalowa. Mwana wolankhula Chichewa sayenera kuvutika pamenepa, chifukwa kusiyanaku amakunena tsiku ndi tsiku. Palibe amene angasokoneze "nditafika, basi inanyamuka" ndi "ndinapeza basi itanyamuka". Wina wakwera kapena waiona ikuchoka, wina wangopeza fumbi. Chomwe mwanayo akusowa si nzeru yake ayi, koma kudziwa kuti paja iye amati "anali atatenga", Mngerezi amaika *had* n'kutsatiza mneni.

Mneni wotsatira *had* ndiye amagwetsa ambiri. Aneni ambiri a Chingerezi amangolandira *-ed* m'nthawi zonse ziwirizi, monga *started* ndi *had started*. Ena amasintha mosatsata lamulolo koma amakhala chimodzimodzi m'malo onse awiri, monga *left* ndi *had left*. Koma alipo ena omwe maonekedwe awo achitatu ndi osiyana ndi achiwiri: *take, took, taken*. Mwana akalemba *had took*, wamvetsa kuti akubwerera m'mbuyo, koma walakwitsa kapangidwe ka mneni. Kumeneku n'kulakwitsa kosiyana ndi kwa amene waika *had* posayenera, ndipo mphunzitsi wabwino sawachonga mofanana. Woyamba akufunika kuloweza mndandanda wa aneni osatsata lamulo, wonga uja uli kumapeto kwa buku la Raymond Murphy la galamala ya Chingerezi, lomwe linatuluka koyamba mu 1985. Wachiwiri akufunika kubwerera ku nkhani.

Njira yomubwezera ku nkhani ndi yosavuta. Ajambule mzere pabolodi, aike zochitika zonse khumi monga zinatsatirana m'moyo, osati monga zalembedwera. Adzaona kuti kutengedwa kwa njinga kukubwera kufunafuna kusanachitike, ndipo kusiya cholembera kukubwera ulendo wa kusukulu usanayambe. Chochitika chilichonse chomwe papepala chalembedwa mochedwa kusiyana ndi malo ake pamzere, chimenecho ndiye chofuna *had*. Kenaka alembenso kankhani konse motsata mzerewo, kuyambira pa mlongo kutenga njinga. *Had* amazimiririka yekha, ndipo nkhaniyo imazizira, chifukwa wowerenga wadziwiratu kuti cholembera chatsala mtsikanayo asanadzidzimuke.

Pali malo ena pomwe nthawi zonse ziwiri zimaloledwa. Chiganizo chikakhala ndi *after* kapena *before*, mawuwo anena kale chomwe chinayamba, choncho *had* angathe kukhalapo kapena ayi. Wolemba kankhani kachitsanzo amachita bwino kupewa mawu amenewa poyamba, kuti mwana aone *had* akugwira ntchito yekha.

Kankhani kotere kali ndi malire ake, ndipo si bwino kuwabisa. Mulibe nthawi yopitirira, choncho sungafotokoze kuti mvula inali kugwa pamene mtsikana ankathamanga. Anthu sangayankhulenso mawu awoawo momasuka, chifukwa munthu akatsegula pakamwa kawirikawiri amagwiritsa ntchito nthawi yatsopano. Zoyankhula zimayenera kuperekedwa mochita kunenedwa ndi wolemba, monga *She said she had left it*, komwenso ndi malo abwino oyeserera *had*. Mwana wokonzekera mayeso a Fomu 4 a bungwe la MANEB, komwe popanda kukhoza Chingerezi satifiketi siituluka, adzafunika nthawi zina zonsezo m'chimangirizo chake. Kankhani ka nthawi ziwirika n'koyeserera kwa masiku ochepa. Mwana akatha kulemba kakekake, ka ziganizo zosapitirira khumi, n'kuloza *had* aliyense ndi kunena chomwe chinayamba kuchitika, mphunzitsi amuwonjezere nthawi yopitirira kuti alembenso kankhani komweko.