Tabuleti Imodzi, Ana Awiri: Kiyi Asunge Ndani?

Pakhomo pakakhala tabuleti imodzi, mkangano suchedwa. Wamkulu akuti akulemba za kusukulu, wamng'ono akulirira makatuni, ndipo mayi akaitenga apeza zithunzi zawo zafufutidwa. Makolo anzanga, mankhwala ake alipo m'tabuleti momwemo, koma amagwira ntchito pokhapokha kiyi ali m'manja mwanu.

Titenge banja la ana awiri, mtsikana wa zaka 12 ndi mlongo wake wa zaka 7, ndipo tabuleti yawo ndi ya Android. Kuyambira m'chaka cha 2012 matabuleti a mtundu umenewu amalola kuti munthu aliyense akhale ndi mbali yakeyake, ngati zipinda za nyumba imodzi. Pitani pa `Settings`, kenaka `System`, ndipo mupeze `Multiple users`. Pa Samsung muyang'ane pa `Accounts and backup`, kenaka `Users`. Matabuleti ena alibe zimenezi, choncho nkwabwino kufunsa musanagule.

Amene anayamba kulowetsa akaunti yake tabuleti ili yatsopano ndiye mwini, ndipo ndi yekhayo angachotse anzake. Apa ambiri timalakwitsa. Timapatsa mwana kuti atikonzere chifukwa "ndiye amazidziwa", osazindikira kuti tamupatsa umwini wa nyumba yonse. Zikatero palibe njira ina koma kusunga zithunzi pena, kufufuta zonse ndi kuyambiranso.

Kholo likakhala mwini, liwonjezere mwana aliyense payekha ndi akaunti ya Google ya mwana, yomwe imayang'aniridwa ndi pulogalamu ya Family Link kuchokera pa foni ya kholo. Kumeneko mungapatse mnyamata uja ola limodzi patsiku, mtsikana maola awiri, nkulamulanso kuti ikakwana 8 koloko usiku mbali zonse ziwiri zitsekeke. Nthawi ikatha mbali ya mwanayo imadzitseka yokha, inu osakweza mawu.

Tsono tiyerekeze kuti patatha sabata Family Link ikuonetsa kuti mnyamata sanapyole ola lake tsiku ndi limodzi lomwe, koma madzulo alionse batire imapezeka itatheratu. Chachitika nchiyani? Malire aja amamangidwa pa akaunti ya mwana, osati pa tabuleti yonse. Ola lake likatha, iye amangosamukira ku mbali ya mayi, yomwe mwina ilibe nambala yachinsinsi, kapena nambala yake ndi chaka chomwe iye anabadwa. Mwinanso amalowa ngati mlendo pa `Guest`, kumene kulibe womuwerengera nthawi. Motero ikani nambala yatsopano pa mbali yanu, chotsani `Guest`, ndipo muzimitse `Add users from lock screen`. Mlongo wakenso akhale ndi nambala yake, apo ayi wamng'onoyo azidya maola a mnzake.

Nanga omwe ali ndi iPad? Apa nkhani ndi ina. iPad ya pakhomo ilibe mbali za anthu osiyanasiyana; aliyense amalowa khomo limodzi. Chomwe chilipo ndi `Screen Time`, yomwe inabwera m'chaka cha 2018. Mukaitsegula mu `Settings`, sankhani `Lock Screen Time Settings` (pa zakale pamalembedwa `Use Screen Time Passcode`) ndi kuika nambala ya manambala anayi. Isafanane ndi yotsegulira iPad, popeza imeneyo ana amaidziwa kale. Mudzafunsidwa akaunti ya Apple yothandizira mukadzaiwala nambalayo. Lembani yanu, osati ya mwana.

Poika malire pa `App Limits`, onetsetsani kuti `Block at End of Limit` yayatsidwa. Mukapanda kutero nthawi ikatha mwana amangodina `Ignore Limit` napitiriza. Ikakhala yoyatsa, amatha kuwonjezera mphindi imodzi yokha, ndipo kupyola apo ayenera kukupezani kuti mulembe nambala ija. Mukumbukirenso kuti iPad sidziwa amene waigwira. Mukaika maola awiri a masewera, woyamba kudzuka angathe kuwamaliza onse mnzake akadali kusukulu, ndipo atsopano amayamba kuwerengedwa pakati pausiku. Kugawa kwake kumafunabe pakamwa pa kholo.

Ndaona kuti nambala zambiri sizibedwa mwaukatswiri ayi. Zimaululika kholo likamaphika, manja ali onyowa, mwana nkumachonderera mphindi 15 zokha, kholo nkungotchula nambalayo mokweza. Ena amailemba mwana ataimirira pambuyo pawo, maso ali pa chala. Pukutani m'manja, tengani tabuletiyo, tembenukani, ndipo mulembe nokha. Mukadzaona kuti mwana amene ankapempha nthawi tsiku ndi tsiku wangosiya mwadzidzidzi, sinthani nambalayo usiku womwewo iye atagona.