Mtanda wa Fischer ndi Asidi wa mu Mphesa

Mu 1891, Emil Fischer wa ku Jeremani, pofufuza za shuga, anayamba kujambula mamolekyulu ngati mitanda. Pamene mizere yapingasana pali atomu ya kaboni yogwira zinthu zinayi zosiyana. Mzere wopingasa ukutanthauza kuti zinthuzo zikubwera kwa inu, pomwe woimirira ukuloza kuseri kwa pepala. Choncho posintha chojambulacho, manja awiri opingasa muwalembe ngati mphero zakuda, oimirirawo ngati timizere todukizadukiza.

Ambiri amaphonya pozunguza pepala. Mukazunguza mtanda madigiri 180, molekyulu ndi yomweyo. Koma madigiri 90 amakupatsani mnzake wa m'galasi, wosiyana nayo monga dzanja lamanja ndi lamanzere.

Nanga mitundu ingakhale ingati? Kaboni aliyense wotere amachulukitsa chiwerengero kawiri: gulukosi ali nawo 4, ndiye abale ake ndi 16, iye pamodzi. Komabe chiwerengerochi ndi malire chabe. Taonani asidi wa tatariki, wopezeka mu mphesa: COOH pamwamba ndi pansi, makaboni awiri pakati, aliyense ndi H ndi OH. Mungayembekezere mitundu 4. Ma OH akakhala mbali zosiyana, timapeza iwiri yoyang'anizana m'galasi. Tsono ikani onse kumanja, muzunguze madigiri 180: onse agwera kumanzere. Zojambula ziwirizo ndi chinthu chimodzi chotchedwa meso, poti theka lapamwamba ndi chithunzi cha lapansi. Mitundu ndi 3 basi. Musanawerenge, pindani pepala pakati muone ngati matheka akugwirizana.