Kuyerekeza Chiwongoladzanja cha Mabanki Awiri

Nambala ya chiwongoladzanja imene banki imalengeza siiwonetsa nthawi zonse phindu lenileni la pachaka, chifukwa zimadalira kuti chiwongoladzanjacho chimathiridwa kangati mu akaunti. Tinene kuti munthu ali ndi K1,000,000 yoti asungitse kwa chaka. Banki yoyamba ikuti 12 peresenti pachaka, yowerengetsera miyezi itatu iliyonse. Yachiwiri ikuti 12.4 peresenti, yoperekedwa kamodzi chaka chikatha. Pongoyang'ana, yachiwiri ndiyo yokoma.

Komatu banki yoyamba siidikira kuti chaka chithe. Imagawa 12 peresenti ija panayi, ndipo miyezi itatu ikakwana imawonjezera 3 peresenti pa ndalama zonse zimene zili mu akaunti panthawiyo. Ulendo woyamba imaika K30,000, ndalama n'kukhala K1,030,000. Ulendo wachiwiri 3 peresenti imawerengedwa pa K1,030,000 ija, choncho imaika K30,900. K900 yapamwambayo yaberekedwa ndi chiwongoladzanja choyamba chija, ngati mbuzi imene mwana wake wayambanso kuswa. Ulendo wachitatu ndalama zimafika K1,092,727, ndipo chaka chikamatha zimakhala pafupifupi K1,125,509.

Masamu onsewa amachitika kamodzi motere:

```
(1 + 0.12/4)^4 - 1 = 0.1255
```

Ndiye kuti 0.12 igawidwe ndi 4, pawonjezedwe 1 kuti pakhale 1.03, kenako 1.03 × 1.03 × 1.03 × 1.03, pomaliza achotsepo 1. Yankho la 0.1255 ndi 12.55 peresenti, ndipo ichi ndicho chiwongoladzanja chenicheni cha pachaka. Cha banki yachiwiri sichisintha popeza chimaperekedwa kamodzi, ndipo mwini ndalama amatenga K1,124,000. Banki yoyamba yapambana ndi K1,509, ndalama yochepa ndithu, koma imakula mpamba ukakhala waukulu.

Ambiri amasokonezeka ndi mawu oti "miyezi itatu" n'kugawa ndi 3, pamene chofunika ndi maulendo a pachaka, omwe ndi anayi. Ena amaiwala kugawako n'kupeza 57 peresenti. Yankho lolondola limangoposa pang'ono nambala yolengezedwa, choncho likatsika kapena kulumpha chonchi, penapake palakwika.

Phindu la 12.55 peresenti limapezeka pokhapokha chiwongoladzanja chikamasiyidwa mu akaunti. Wochitapa miyezi itatu iliyonse amapeza K120,000 yokha pachaka, yochepera K124,000 ya banki yachiwiri. Masamuwa akutenganso kuti 12 peresenti ikhala yomweyo chaka chonse, pamene akaunti yotsekera ndalama miyezi itatu imatha kupatsidwa mlingo wina pokonzanso mgwirizano. Msonkho wodulidwa pa chiwongoladzanja ndi ndalama zolipirira akaunti sizili m'masamuwa, ziyenera kuchotsedwa mbali zonse ziwiri.

Pa ngongole kawerengedwe n'komweko, kungoti wobwereka amasankha banki imene chiwongoladzanja chake chenicheni n'chotsika.