Imelo ya yunivesite ikatsekeka nthawi yofunsira sikolashipu ili pafupi kutha

Imelo imene wophunzira amapatsidwa ku yunivesite mwini wake ndi yunivesiteyo. Ngakhale iziyendera pa Google kapena Microsoft, amene ali ndi mphamvu zoitsegula, kuitseka ndi kusintha pasiwedi yake ndi ogwira ntchito ku ofesi yoona za makompyuta pasukulupo. Tsoka ilo, ambiri amazindikira zimenezi zinthu zitathina kale.

Chitsanzo ndi nkhani yongoyerekeza ya mtsikana wa chaka chomaliza amene anaberedwa foni mu minibasi kutatsala masiku 3 kuti nthawi yofunsira sikolashipu ithe. Fomu yake inali pa intaneti, yodzazidwa theka, ndipo anailembetsa ndi imelo ya sukulu. Pasiwedi ya fomuyo inali yosungidwa mu foni yobedwayo. Atapempha ina, uthenga woisinthira unapita ku imelo ija. Pasiwedi ya imelo ankaikumbukira, koma pa kompyuta yachilendo imeloyo inafunanso nambala yachinsinsi yotumizidwa ku foni yake.

Chimene chinamuthandiza ndi kuwerenga mofatsa uthenga wa pa sikirini, chifukwa mavuto ake amasiyana. Uthenga wonena kuti pasiwedi ndi yolakwika umafuna pasiwedi yatsopano. Wonena kuti akaunti yayimitsidwa umatanthauza kuti sukulu ndiyo yatseka, monga zimachitikira m'mayunivesite ena munthu akamaliza maphunziro. Wake unkangofuna nambala ija, choncho anasiya kuyesa mobwerezabwereza, zomwe zikanachititsa kuti akauntiyo itsekedwe kwa kanthawi.

M'mawa mwake anapita ku ofesi ija ndi chitupa cha sukulu. Atatsimikiza kuti ndi iyeyo, woyang'anira maakaunti anamupatsa manambala apadera olowera popanda foni. Pa Google manambalawa amakhala 10, ndipo iliyonse imagwira ntchito kamodzi. Njira ina ikanakhala yobwezeretsa simukhadi ya nambala yomweyo ku kampani ya mafoni, atatenga chiphaso cha unzika, koma imathandiza pokhapokha ngati nambala yachinsinsi imabwera pa meseji. Ikakhala yochokera mu pulogalamu ya m'foni, simukhadi yatsopano siyithandiza.

Atalowa, anapeza uthenga wosinthira pasiwedi utatha kale mphamvu, n'kupempha wina. Anatumiza fomu tsiku lomwelo osadikira lomaliza, ndipo anachita bwino, chifukwa ola lotsekera nthawi zambiri limakhala la dziko la opereka thandizo. Ngati alemba 12:00 GMT, ku Malawi imakhala 2 koloko masana.

Kenako analemba manambala otsalawo papepala n'kupempha opereka sikolashipu kuti azimulembera pa imelo yakeyake. Mayankho a sikolashipu amatenga miyezi ingapo, ndipo wa chaka chomaliza akhoza kukhala atachoka pasukulu akamabwera.