Mawu awiri angathe kukudyerani ndalama zotsatsira malonda pa Google

Munthu akafufuza chinthu pa Google, zoyamba kuoneka nthawi zambiri zimakhala mauthenga otsatsa malonda. Mwini uthengawo salipira chifukwa choti waoneka ayi, amalipira munthu akaudina. Kudina kulikonse ndi ndalama, kaya wodinayo akufuna kugula kapena wangosochera. N'chifukwa chake wotsatsa aliyense ayenera kudziwa kuti uthenga wake ukuonetsedwa kwa yani.

Tiyerekeze kuti mayi wina amagulitsa zipangizo za magetsi a dzuwa ku Lilongwe, ndipo watsegula akaunti pa Google Ads. Kumeneko amasankha mawu oti munthu akawafufuza, uthenga wake uoneke. Poti ambiri amafufuza m'Chingerezi, wasankha mawu awiri, ndipo angathe kuwalemba m'njira zitatu:

```
solar panels
"solar panels"
[solar panels]
```

Mzere wachitatuwo ndi Exact match: uthenga umaoneka kwa amene walemba mawu omwewo kapena ena atanthauzo lomwelo. Wachiwiri ndi Phrase match: munthu angathe kuwonjezera mawu ena, monga mtengo kapena dzina la mzinda, bola tanthauzo la mawu a mayiyo likhalemo. Woyamba, wopanda chizindikiro chilichonse, ndi Broad match, ndipo ndi umene Google amatenga ngati wotsatsa sanasankhe wina. Pamenepa Google amaloledwa kuonetsa uthenga kwa aliyense amene wafufuza nkhani yoyandikana nayo, ngakhale mawu awiriwo asapezekemo n'komwe. Kale panali njira yapakati yoika chizindikiro cha + kutsogolo kwa mawu, koma inathetsedwa mu 2021.

Broad match ili ngati khoka: imakoka chambo pamodzi ndi zinyalala, ndipo zonse mumalipira mtengo wake. Uthenga wa mayi uja ungaonekere mnyamata wofuna ntchito amene walemba solar jobs, wophunzira wofuna chithunzi cha kalumikizidwe ka mawaya, ndiponso munthu amene wamva kuti bungwe lina likugawa masola aulere. Onsewa angadine, koma palibe wabwera ndi ndalama m'thumba.

Tiwerenge ndi manambala ongoyerekeza. Mayiyo waika madola 10 patsiku, ndipo kudina kumodzi kukumudyera theka la dola. Ndiye kuti patsiku amalandira anthu 20. Ngati 14 mwa iwo ndi osochera, madola 7 apita pachabe, ndipo pa masiku 30 ndi madola 210 mwa 300. Anthu 6 otsalawo, amene angaguledi, aliyense wamudyera ndalama yopitirira dola imodzi ndi theka. Choipa china n'chakuti ndalama zikathera pa osochera, uthenga suonekanso kwa wogula weniweni amene wafufuza pambuyo pake.

Chizindikiro cha vutoli n'chosavuta kuona: odina ndi ambiri koma foni ili zii. Umboni wake umapezeka pa tsamba la Search terms, limene limaonetsa mawu enieni amene anthu analemba asanadine, pamodzi ndi ndalama zimene mawu aliwonse adya. Silionetsa onse, chifukwa kuyambira 2020 Google amabisa mawu amene afufuzidwa ndi anthu ochepa, koma otsalawo ndi okwanira kusonyeza pamene pakudontha.

Mankhwala ake ndi Negative keywords, mndandanda wa mawu oletsa. Munthu akalemba amodzi mwa mawuwa, uthenga suoneka ndipo palibe cholipira. Mayi uja angayambe ndi awa:

```
job
jobs
diagram
course
```

Taonani kuti job ndi jobs alembedwa padera. Mawu oletsa satambasuka okha monga amachitira mawu otsatsira; mukaletsa limodzi, linzake lofanana nalo limadutsabe mpaka mutalilemba. Komanso pamafunika kusamala posankha. Mayiyo akaletsa free pofuna kupewa ofuna zaulere, atsekanso munthu amene walemba solar panels free delivery, yemwe ndi wogula weniweni wongofuna kuti katundu amuperekere kwawo. Njira yabwino ndi kuletsa mawu onse pamodzi, "free solar panels", kuti atsekedwe okhawo amene alemba motero.

Broad match siyoipa payokha. Imatha kukupezerani ogula olemba mawu amene simukanawaganizira, makamaka ngati akaunti yakonzedwa kuti izilemba amene aimba foni kapena kugula. Koma kwa munthu wa bizinesi yaing'ono amene akungoyamba, nzeru ndi kuyamba ndi Phrase match ndi Exact match, kulemba mawu oletsa uthenga usanayambe kuoneka, ndi kutsegula tsamba la Search terms sabata iliyonse. Mawu amene abweretsa wogula muwasunge, amene adya ndalama popanda phindu muwaletse tsiku lomwelo.