Kuwala Kosuzumira Kunja kwa Galasi

Thirani madzi m'tambula yagalasi, muigwire m'dzanja, ndipo muyang'ane m'madzimo kuchokera pamwamba, maso ali kukhoma la m'kati mwa tambulayo. Khomalo limaoneka ngati kalilole, dzanja lanu osaoneka ngakhale lili pomwepo. Tsopano finyani tambulayo mwamphamvu. Pakalilole paja patulukira mizere ya zala zanu, mzere uliwonse pawokha, pamene timipata ta pakati pa mizereyo tikunyezimirabe. Chala ndi chimodzi chomwecho, nanga mizere yokha ikuonekeranji?

Kuwala kukamachoka m'madzi kapena m'galasi kulowa mumpweya kumakhota, chifukwa liwiro lake limasiyana m'zinthu zimenezi. Akatswiri amapatsa chinthu chilichonse nambala yosonyeza momwe chimachedwetsera kuwala: mpweya 1, madzi 1.33, galasi wamba pafupifupi 1.5. Kuwala kofika pamalire molunjika kumangodutsa. Kofika mopendekeka kumatuluka kutapendekeka koposa, ndipo mukamawonjezera kupendekekako, pamafika poti kotulukako kumagoneratu, n'kumayenda motsatira malire. Kupitirira pamenepo kulibenso njira yotulukira, choncho kuwala konse kumabwerera m'kati. Ngodya imene izi zimayambira, poyeza kuchokera pa mzere woima chilili pamalire, ndi madigiri 48.6 kwa madzi ndi 41.8 kwa galasi.

Mawu akuti "konse" si okokomeza. Kalilole wa m'nyumba amameza gawo lina la kuwala komwe walandira, koma malire oyera a galasi ndi mpweya sameza kanthu. N'chifukwa chake opanga zoonera patali za maso awiri amakonda timagalasi ta ngodya zitatu, totchedwa pulizimu, m'malo mwa akalilole.

Komatu apa pali chinthu chimene mabuku akusukulu amachidumpha. Kuwala ndi funde la mphamvu ya magetsi ndi ya maginito, ndipo malamulo amene James Clerk Maxwell analemba m'zaka za m'ma 1860 salola kuti mphamvu zimenezi zingodukira pamalire, tsidya lino zilipo, tsidya linalo mulibe kanthu. Ziyenera kupitirira pang'ono. Motero kunja kwa galasi, mumpweya, mumakhala kafunde kokakamira pagalasipo. Kamayenda motsatira malire, sikapita kutali, ndipo mphamvu yake imazilala msanga mukamatalikira. Tikatche funde lozilala. Likapanda kukumana ndi chinthu, silitenga mphamvu kupita nayo kwina. Yomwe yatuluka imabwerera yonse, ndiye kuwala kumabwereradi konse ngakhale kunasuzumira kunja.

Kusuzumirako kumafika pati? Titenge pulizimu ya 1.5 ndi kuwala kobiriwira, komwe funde lake limatalika mananomita 550. Nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita, ndipo tsitsi la munthu limanenepa mananomita pafupifupi 70,000. Kuwalako kukagunda pamalire pa madigiri 45, mphamvu ya funde lozilala imatsika kufika pa magawo 37 mwa 100 pamtunda wa mananomita 124 okha. Mukapitanso mtunda womwewo, yatsala magawo 14. Pofika mananomita 1,000, yatsala magawo atatu mwa 10,000, kunena kwake yatha. Mukapendeketsa kuwalako kufika madigiri 60, mtunda wa 124 uja umatsika kufika pa 53. Mukabwerera kufupi ndi 41.8, fundelo limafika patali ndithu. Choncho amene akusintha ngodya ndiye akusankha kuti kuwala kusuzumire mpaka pati.

Tsono chinthu china chikalowa m'kadera kopyapyalaka, nkhani imasintha. Galasi lachiwiri kapena khungu la munthu likayandikira mokwanira, funde lozilala limapezamo njira, n'kusandukanso kuwala koyenda, ndipo komwe kumabwerera m'kati kumachepa. Chodabwitsa n'chakuti zinthu ziwirizo siziyenera kukhudzana. Isaac Newton anaziona izi atapanikiza magalasi awiri pamodzi, limodzi lokhota pang'ono, ndipo anazifotokoza m'buku lake la za kuwala la mu 1704: kuwala kunkadutsa osati pokhudzanapo pokha, komanso mozungulira, pomwe panali kampata ka mpweya. Mu 1897, Jagadish Chandra Bose wa ku Calcutta anayesa zomwezi ndi mafunde a magetsi aatali kwambiri kuposa a kuwala. Popeza kutalika kwa funde ndiko kumalamula kukula kwa kadera kaja, iye anatha kuyeza mpatawo m'mamilimita, n'kuona mafunde odutsa akuchepa pamene mpata ukukula.

Izi ndizo zikuchitika patambula paja. Mizere ya chala imafika pagalasi kapena pafupi kwambiri, n'kuba kuwala. Timakwawa ta pakati pake n'takuya mananomita masauzande ambirimbiri, kutali kwambiri ndi pomwe funde lozilala limathera, choncho pamenepo kalilole amakhala momwe analili.

Makina ambiri otengera zidindo za zala, a mtundu umene uli ndi kagalasi kowala koikapo chala, amagwira ntchito motere. Amene analembetsa chitupa cha unzika ku Malawi mu 2017 akukumbukira kuika zala pamakina otengera zidindo. Mu mtundu wofala wa makina a kagalasiwa muli pulizimu, nyale mbali imodzi ndi kamera mbali inayo. Pomwe pali mpweya, kuwala kumabwerera konse n'kufika pakamera, pamaoneka poyera. Pomwe pali mzere wa chala pamada. Chithunzicho chimasiyanitsa bwino kuposa chomwe kamera wamba ingajambule, poti khungu la pamzere ndi la m'kakhwawa ndi la mtundu umodzi.

Kudziwa izi kumathandiza kumvetsa chifukwa chake makinawa nthawi zina amakana chala. Khungu louma, monga la m'nyengo yachisanu kapena la munthu wogwira simenti, si losalala. Limagunda galasi m'timalo towerengeka, kwinaku kuli timipata ta mpweya toposa mananomita mazana angapo, ndipo chithunzi chimatuluka chotuwa, mizere yodukaduka. Wogwira makina akakuuzani kuti mupukute chala pamphumi, sakuchita zamatsenga. Mafuta a pakhungu amadzaza timipatato, ndipo kuwala kumapeza podutsira.

Chala chonyowa chili ndi vuto losiyana nalo. Thukuta likadzaza timakwawa, kuseri kwa galasi kulibenso mpweya wa 1 koma madzi a 1.33. Ngodya yoyambira kubwerera konse imakwera kuchoka pa 41.8 kufika pa madigiri pafupifupi 62. Kuwala kofika pa 45 tsopano kumangotuluka, pamzere ndi pakakhwawa pomwe, ndipo chithunzi chimakhala chibanthu chakuda. Kufinya kwambiri kumachita zofanana, chifukwa mizere imaphwatalala n'kutseka timakwawa. Poyang'ana chithunzi chokha munthu atha kudziwa chochita: chikatuwa, chala chikufuna kamafuta pang'ono, chikada, chipukutidwe ndi nsalu, pamodzi ndi galasi lomwe, poti mafuta osiyidwa ndi amene anaikapo chala poyamba nawonso amaba kuwala.

Kupyapyala kwa funde lozilala, komwe kumavutitsa chala chouma, ofufuza za maselo anakusandutsa chida. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, Daniel Axelrod wa ku yunivesite ya Michigan anasonyeza njira yoika selo lamoyo pakagalasi n'kuliunika ndi funde lozilala lokha. Kumawala kachigawo ka pansi kokha, ka mananomita pafupifupi 100, selo lonse lotsalalo lili mumdima. Mwa njira imeneyi ofufuza amaona timatumba tonyamula insulini tikufika pakhungu la selo ndi kutsanula zomwe tanyamula, kamodzi ndi kamodzi, zomwe zikanabisika m'kuwala kochokera m'katikati mwa selo likanaunikidwa lonse.