Kuyeza Kuloraidi wa mu Mchere ndi Sikelo

Mchere ukasungunuka m'madzi suonekanso. Nanga katswiri wa m'labotale amadziwa bwanji kuchuluka kwa kuloraidi amene ali mmenemo? Amamusandutsa chinthu cholimba chimene sichisungunuka, n'kuchiika pa sikelo.

Ntchito imayamba ndi kuumitsa mcherewo mu uvuni pa madigiri 110 kuti chinyezi chichoke. Kenaka amayeza pang'ono, tinene magalamu 0.2500, n'kusungunula m'madzi oyeretsedwa. Madzi a pampopi saloledwa chifukwa amakhala ndi kuloraidi wawowawo. Amadontheza asidi wa naitiriki pang'ono, kenaka n'kumathira siliva naitireti pang'onopang'ono uku akutakasa. Nthawi yomweyo madzi amachita mbuu ngati mkaka: siliva wagwirana ndi kuloraidi n'kupanga siliva kuloraidi, AgCl.

Tinthu toyerati timakhala tating'ono zedi moti tingadutse pa sefa. N'chifukwa chake amatenthetsa madziwo mpaka atatsala pang'ono kuwira, kuti tigwirane n'kudikha pansi. Madzi apamwamba akayera, amadonthezanso siliva naitireti. Akachitanso mbuu, ndiye kuti kuloraidi wina akadalimo. Akapanda kusintha, yense wagwidwa. Akatero amasefa ndi kakapu kagalasi kokhala ndi sefa pansi, kamene anakayeza kale kali kopanda kanthu. Amatsuka, amaumitsa, amayeza, ndipo amabwereza kuumitsa mpaka sikelo itasiya kusintha.

Masamu ake ndi awa. M'magalamu 143.32 alionse a siliva kuloraidi muli magalamu 35.45 a kuloraidi, kutanthauza kuti galamu iliyonse ili ndi magalamu 0.2474 a kuloraidi. Ngati zosefedwazo zalemera magalamu 0.5980, timachulukitsa ndi 0.2474 n'kupeza magalamu 0.1479. Tikagawa ndi 0.2500, kulemera kwa mchere tinayamba nao uja, n'kuchulukitsa ndi 100, tipeza 59.2 peresenti. Mchere wa NaCl wopanda chosakaniza chilichonse uli ndi 60.7 peresenti, choncho wathuwu uli ndi zina pang'ono zimene si mchere weniweni.

Zinthu ziwiri zimasokoneza yankho kawirikawiri. Choyamba ndi kuwala. Siliva kuloraidi akakhala padzuwa amaonongeka, ndipo chizindikiro chake n'chakuti kuyera kuja kumasanduka kotuwa kopita ku pepo. Motero chikhocho amachisunga mumdima podikira kuti zidikhe. Chachiwiri ndi katsukidwe. Madzi okhaokha amabalalitsanso tinthu tija, tina n'kudutsa pa sefa, ndipo yankho limatsika. Madzi odutsa akaoneka mbuu, dziwani kuti zatayika. Potsuka pamafunika madzi othira asidi wa naitiriki pang'ono, amene amauluka poumitsa osasiya kanthu.

Njirayi ili ndi malire ake: buromaidi ndi ayodaidi nawonso amagwirana ndi siliva, ndipo sikelo siingawasiyanitse ndi kuloraidi. Akakhalamo ambiri mu mcheremo, yankho limanama.